Kugawa mpamba woperewera pa mapulojekiti osagawika

Kugawa mpamba woperewera ndi kusankha mapulojekiti oti bungwe liikemo ndalama pamene mapulojekiti opindulitsa alipo ambiri koma ndalama zilipo zochepa ndipo sizingawonjezeke. Njira yodziwika kwambiri yosankhira ndi kugwiritsa ntchito mlingo wa phindu, womwe m'mabuku a zowerengera ndalama amaulemba mwachidule kuti PI. Mlingowu umasonyeza zomwe kwacha iliyonse yolowa mu pulojekiti idzabweze. Mapulojekiti akakhala oti angathe kuchitidwa mbali imodzi yokha, kuwandandalika potsata mlingo wa phindu kumapereka yankho lolondola. Akakhala osagawika, monga lole kapena chigayo, ndandandawo ukhoza kusocheretsa. Zikatero wosankha amayenera kuyerekeza maphukusi a mapulojekiti omwe akukwana mu bajeti, n'kutenga phukusi lokhala ndi phindu lalikulu kuposa ena onse.

## Komwe malire a mpamba amachokera

Lamulo lachizolowezi limati bungwe lichite pulojekiti iliyonse yomwe idzabweze zoposa zomwe yadya. Lamuloli limaganiza kuti ndalama zikachepa bungwe likhoza kukakongola zina. Nthawi zambiri sizikhala choncho.

Malire ena amachokera kunja kwa bungwe. Banki ikhoza kukana kukongoza ndalama zoposa mtengo wa chikole, kapena chiwongoladzanja chikhoza kukwera kwambiri moti ngongole sikhalanso yaphindu. Ku Malawi, mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya dziko inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100, ndipo mabanki ena amakongoza alimi ndi amalonda pa mtengo woposa pamenepo. Malire ena amaikidwa ndi bungwe lenilenilo, monga pamene msonkhano waukulu wa mamembala wagwirizana kuti chaka chino asatenge ngongole ndipo agwiritse ntchito ndalama za masheya zokha.

Thandizo la ndalama nalo limabwera ndi malire. Pulojekiti ya AGCOM, yomwe boma la Malawi limayendetsa ndi ndalama za Banki Yaikulu Padziko Lonse, yakhala ikupereka kwa makopaletivu 70 pa 100 ya mtengo wa ndondomeko yawo ya malonda, alimi eni ake n'kusonkha 30 pa 100 yotsalayo. Motero kukula kwa ndondomeko kumadalira zomwe mamembala angathe kusonkha. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu a Nyumba ya Malamulo, la CDF, lomwe linayamba mu 2006, limapereka ndalama zoikika pa dera lililonse pa chaka. Konseku funso ndi limodzi: pa ntchito zabwino zomwe zili pa ndandanda, ndi ziti zichitike ndi ndalama zomwe zilipo?

## Kawerengedwe ka mlingo wa phindu

Ndalama yomwe idzabwere chaka chamawa ndi yochepa mphamvu poyerekeza ndi ndalama ya lero, chifukwa ya lero ikhoza kuyamba kubala. Choncho ndalama zonse zomwe pulojekiti idzabweretse zimayamba zachepetsedwa kuti zikhale pa mtengo wa lero, womwe amaulemba kuti PV. Pochepetsapo amagwiritsa ntchito chiwongoladzanja chomwe bungwe limalipira kapena chomwe likanapeza kwina. Pa mtengo wa lerowo akachotsapo ndalama zoyambira pulojekiti, chotsalacho ndi phindu la lero, lomwe amalilemba kuti NPV.

```
NPV = PV - I
PI  = PV / I
```

Chilembo `I` chikuimira ndalama zoyambira. Mlingo ukaposa 1 ndiye kuti pulojekiti ikubweza zoposa zomwe yadya. Mabuku ena amagawa phindu la lero ndi ndalama zoyambira, `NPV / I`, ndipo malire amakhala 0 m'malo mwa 1. Njira ziwirizi zimasiyana ndi 1 yekha basi: 1.50 ya njira yoyamba ndi 0.50 ya njira yachiwiri, ndipo ndandanda wa mapulojekiti susintha. Cholakwika ndi kusakaniza njira ziwirizi pa tebulo limodzi.

Mwachitsanzo, makina oyenga mafuta a mpendadzuwa agulidwa ndi kuikidwa pa K20 miliyoni. Ataperekera mbewu, magetsi ndi antchito, akuyembekezeka kutsala ndi K12.5 miliyoni chaka chilichonse kwa zaka zinayi, ndipo kumapeto kwa chaka chachinayi adzagulitsidwa pa K1.2 miliyoni. Chiwongoladzanja chochepetsera ndi 25 pa 100. Ndalama za chaka choyamba zigawidwa ndi 1.25 kamodzi ndipo zikhala K10 miliyoni. Za chaka chachiwiri zigawidwa kawiri ndipo zikhala K8 miliyoni. Za chaka chachitatu zikhala K6.4 miliyoni. Za chaka chachinayi, zomwe ndi K13.7 miliyoni, zikhala pafupifupi K5.6 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K30 miliyoni. Phindu la lero ndi K10 miliyoni, ndipo mlingo wa phindu ndi 30 kugawa ndi 20, zomwe ndi 1.50.

## Chifukwa chake ndandanda umagwira ntchito pa mapulojekiti ogawika

Pulojekiti yogawika ndi yomwe theka lake limadya theka la ndalama ndi kubweretsa theka la phindu. Kugula nandolo kuti adzagulitsidwe mitengo ikakwera ndi chitsanzo chapafupi: wopanda ndalama za matumba 400 akhoza kugula matumba 200. Pa mapulojekiti otere, wosankha amayamba ndi ya mlingo wapamwamba, n'kumatsika mpaka ndalama zitatha, ndipo pulojekiti yomaliza amaichita mbali yomwe ndalama zakwanira. Kwacha iliyonse imapita pamalo abwino koposa omwe atsala, ndipo palibe kwacha yomwe imakhala osagwira ntchito.

Mfundo yomalizayi ndi yomwe imasweka mapulojekiti akakhala osagawika. Theka la lole silinyamula katundu, ndipo chigayo chopanda injini sichigaya. Pulojekiti yotsatira pa ndandanda ikakhala yaikulu kuposa ndalama zotsala, wosankha amailumpha n'kutenga ina ya m'munsi, kapena amangosiya ndalamazo. Mlingo wa phindu umangoyeza pulojekiti iliyonse payokha. Suona mpata womwe pulojekitiyo yasiya mu bajeti, kapena zomwe zingalowe mu mpatawo.

## Chitsanzo cha kopaletivu ya m'munsi mwa Michesi

Phiri la Michesi lili m'boma la Phalombe, kumpoto kwa phiri la Mulanje, ndipo mapiri awiriwa amalekanitsidwa ndi mpata wa Fort Lister. Alimi a m'bomali amalima chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa, ndipo m'zigwa zopita ku nyanja ya Chilwa amalimanso mpunga. Chitsanzo chotsatirachi ndi chongoyerekeza, ndipo manambala ake asankhidwa kuti masamu aoneke bwino.

Kopaletivu ina ya m'derali ili ndi K50 miliyoni zoti igwiritse ntchito chaka chino, ndipo singathe kupeza zina. Komiti yaika pa tebulo mapulojekiti asanu, onse osagawika. Manambala ali mu mamiliyoni a kwacha.

| Pulojekiti | Zoyambira | PV | NPV | PI |
|---|---|---|---|---|
| A. Makina oyenga mafuta a mpendadzuwa | 20 | 30 | 10 | 1.50 |
| B. Chigayo cha chimanga | 15 | 21 | 6 | 1.40 |
| C. Lole yopititsa nandolo ku Limbe | 30 | 40.5 | 10.5 | 1.35 |
| E. Mpope wa sola ndi thanki yothirira | 25 | 32.5 | 7.5 | 1.30 |
| D. Makina opunthira mpunga | 10 | 12 | 2 | 1.20 |

Mapulojekiti onse asanu ali ndi mlingo woposa 1, choncho onse ndi opindulitsa. Koma kuti achitike onse pakufunika K100 miliyoni, pomwe ilipo ndi theka lake.

### Yankho la ndandanda

Komiti ikatsata mlingo wa phindu, iyamba ndi makina oyenga mafuta ndipo itsala ndi K30 miliyoni. Kenaka itenga chigayo n'kutsala ndi K15 miliyoni. Lole ikufuna K30 miliyoni, ndiye sikwana. Mpope wa sola ukufuna K25 miliyoni, nawonso sukwana. Makina opunthira mpunga akwana, ndipo patsala K5 miliyoni yomwe ilibe kolowa. Phukusi la A, B ndi D ladya K45 miliyoni ndipo phindu lake la lero ndi 10 kuphatikiza 6 kuphatikiza 2, zomwe ndi K18 miliyoni.

Yankholi limaoneka lokhutiritsa pa msonkhano, chifukwa latenga mapulojekiti awiri apamwamba pa ndandanda, lapatsa mamembala zinthu zitatu, ndiponso lasiya ndalama m'thumba. Komabe si yankho labwino koposa.

### Kuyerekeza maphukusi

Njira yolondola ndi kulemba maphukusi onse omwe akukwana mu K50 miliyoni ndi kuphatikiza phindu la lero la lililonse. Mapulojekiti asanu angathe kupanga maphukusi 32, kuwerengera ndi losatenga chilichonse, koma si onse ofunika kuwayesa. Phukusi lopitirira bajeti limachotsedwa. Phukusi lomwe lasiya ndalama zokwanira pulojekiti ina yopindulitsa limachotsedwanso, chifukwa kuwonjezera pulojekitiyo kungalikweze. Akatero amatsala asanu ndi limodzi okha.

| Phukusi | Ndalama zodyedwa | Zotsala | NPV yonse |
|---|---|---|---|
| A ndi C | 50 | 0 | 20.5 |
| A, B ndi D | 45 | 5 | 18 |
| A ndi E | 45 | 5 | 17.5 |
| B ndi C | 45 | 5 | 16.5 |
| B, D ndi E | 50 | 0 | 15.5 |
| C ndi D | 40 | 10 | 12.5 |

Phukusi lopambana ndi la makina oyenga mafuta ndi lole, lomwe phindu lake ndi K20.5 miliyoni. Likuposa yankho la ndandanda ndi K2.5 miliyoni. Chigayo, chomwe chinali chachiwiri pa ndandanda, chatsala kunja.

Chifukwa chake chimaoneka poyang'ana K30 miliyoni yomwe imatsala makina oyenga mafuta akagulidwa. Ndalamazi zili ndi njira ziwiri. Zikapita ku lole, kwacha iliyonse ikugwira ntchito pa mlingo wa 1.35. Zikapita njira inayo, K15 miliyoni ikugwira pa 1.40, K10 miliyoni pa 1.20, ndipo K5 miliyoni ikungokhala pa 1.00. Chigayo ndi chabwino kuposa lole pa kwacha iliyonse, koma kuchitenga kumakakamiza theka la ndalamazo kupita kumalo ofooka. Kutenga chigayo kukutanthauza kutenganso anzake omwe angakwane nacho, ndipo gulu lonselo ndi lomwe liyenera kuyerekezedwa ndi lole.

### Malire apamwamba

Ngakhale ndandanda wa mlingo wa phindu supereka yankho, umathandizabe. Kopaletivu ikanatha kugula theka la lole, ikanatenga A, B ndi theka la C, ndipo phindu likanakhala 10 kuphatikiza 6 kuphatikiza 5.25, zomwe ndi K21.25 miliyoni. Palibe phukusi la mapulojekiti athunthu lomwe lingapose nambala imeneyi. Choncho munthu yemwe wapeza phukusi la 20.5 amadziwa kuti ngakhale atafufuza tsiku lonse sangawonjezere zoposa 0.75. Yemwe waima pa 18 amaona kuti pali mpata wa 3.25, ndipo ndi chizindikiro choti apitirize kufufuza.

Pali zizindikiro ziwiri zoti ndandanda mwina wasocheretsa. Choyamba ndi ndalama zotsala mu bajeti. Chachiwiri ndi pulojekiti yaikulu yomwe yalumphidwa n'kutengedwa ina ya m'munsi mwake. Ngati mapulojekiti apamwamba pa ndandanda adya bajeti yonse ndendende popanda kulumpha iliyonse, yankho la ndandanda ndi lolondola ndipo palibe chifukwa choyesera maphukusi ena.

## Ndalama zotsala

Tebulo la maphukusi likuganiza kuti ndalama zotsala zili ndi phindu la lero la 0, kutanthauza kuti zidzabala chiwongoladzanja chofanana ndi chomwe chagwiritsidwa ntchito pochepetsa. Mlingo wake ndi 1.00. Anthu ena amakonda kuyerekeza maphukusi pogwiritsa ntchito mlingo wa phukusi lonse, ndipo apa ndi pomwe amalakwitsa poiwala ndalama zotsalazo. Phukusi la A ndi B lokha lili ndi mtengo wa lero wa 51 pa ndalama 35, zomwe zikupereka pafupifupi 1.46, kuposa 1.41 ya A ndi C. Koma phukusili lasiya K15 miliyoni osagwira ntchito. Ndalamazo zikawerengedwa pa 1.00, ndiye kuti 66 igawidwa ndi 50 ndipo mlingo utsika kufika pa 1.32. Yankho la ndandanda, powerengedwa motere, lili pa 1.36. Mlingo wa phukusi umakhala woona pokhapokha ukagawidwa ndi bajeti yonse.

Kawirikawiri ndalama zotsala sizibala n'komwe chiwongoladzanja chonsecho. K5 miliyoni itaikidwa ku banki pa 10 pa 100, pakatha chaka idzakhala K5.5 miliyoni, yomwe mtengo wake wa lero pa 25 pa 100 ndi K4.4 miliyoni. Pamenepo kopaletivu yataya K0.6 miliyoni, ndipo phukusi la A, B ndi D latsika kufika pa 17.4. Ngati ndalamazo ndi za thandizo lomwe limabwerera kwa wopereka likapanda kugwiritsidwa ntchito, zotsalazo zilibe phindu lililonse kwa kopaletivu, ndipo phukusi lodzaza bajeti limakhala patsogolo kwambiri.

Funsoli likhoza kutembenuzidwanso. Kodi K5 miliyoni yotsalayo iyenera kubala zingati kuti yankho la ndandanda lifanane ndi lopambana? Iyenera kubweretsa phindu la lero la K2.5 miliyoni, kapena kuti mlingo wa 1.50. Kopaletivu itakhala ndi ntchito yaing'ono yogawika yopindulitsa choncho, monga kugula mbewu yosunga, maphukusi awiriwo angafanane. Ntchito zazing'ono zotere ziyenera kulembedwa pa tebulo kuyambira poyamba, chifukwa ndi zomwe zimadzaza mipata.

## Bajeti ikasintha

Pa mapulojekiti ogawika, bajeti ikakula amangopitirira kutsika pa ndandanda, ndipo pulojekiti yomwe yalowa situlukanso. Pa osagawika yankho limadumphadumpha. Mapulojekiti asanu omwewa akupereka mayankho awa:

| Bajeti | Phukusi lopambana | NPV yonse |
|---|---|---|
| 45 | A, B ndi D | 18 |
| 50 | A ndi C | 20.5 |
| 55 | A ndi C | 20.5 |
| 60 | A, B ndi E | 23.5 |
| 65 | A, B ndi C | 26.5 |

Lole ikulowa pa 50, ikutuluka pa 60, ikubwereranso pa 65. Chigayo chilipo pa 45, palibe pa 50 ndi 55, ndipo chikubwerera pa 60. Tebuloli likusonyezanso phindu la ndalama zowonjezera. Kopaletivu yomwe ili ndi 45 ikapeza 5 ina ipindula 2.5. Yomwe ili ndi 50 ikapeza 5 ina sipindula kalikonse, koma ikapeza 10 ipindula 3. Motero komiti yofuna kupempha mamembala kuti asonkhenso iyenera kudziwa kaye nambala yomwe ikutsegula phukusi lina, chifukwa kusonkha kosafika pa nambalayo n'kuvutitsa anthu pachabe.

Ena poona kulephera kwa mlingo wa phindu amaganiza kuti kundandalika potsata phindu la lero ndiye njira yabwino. Pa bajeti ya 50 njirayi yachita mwayi: lole ndi yoyamba, makina oyenga mafuta ndi achiwiri, ndipo bajeti yatha. Koma pa bajeti ya 45 itenga lole, makina oyenga mafuta sakwana, mpope sukwana, ndiye itenga chigayo n'kupeza 16.5, pomwe yankho lolondola ndi 18. Palibe ndandanda uliwonse womwe umapambana nthawi zonse.

## Mapulojekiti olimbirana ndi odalirana

Nthawi zina mapulojekiti awiri sangachitike limodzi ngakhale ndalama zilipo. Tiyerekeze kuti kopaletivu ili ndi nyumba imodzi yokha yokhala ndi magetsi okwanira makina aakulu, ndipo makina oyenga mafuta ndi chigayo akufuna nyumba yomweyo. Pamenepo phukusi lililonse lokhala ndi A ndi B limafufutidwa pa tebulo. Pa bajeti ya 50 yankho silisintha, koma pa 45 lopambana likhala A ndi E pa 17.5, ndipo pa 60 likhala A, C ndi D pa 22.5.

Nthawi zina pulojekiti imadalira inzake kapena imaikweza. Lole ya kopaletivu ikamanyamulanso mafuta oyengedwa, phindu la A ndi C pamodzi likhoza kuposa kuphatikiza kwa manambala awo awiri. Zikatero awiriwo amawerengedwa mwapadera ngati pulojekiti imodzi yokhala ndi ndalama zake zoyambira ndi phindu lake. Ndandanda wa mlingo wa phindu sungasonyeze ubale wotere, koma tebulo la maphukusi limausonyeza mosavuta.

## Kulimba kwa yankho

Masamu amapereka yankho limodzi, koma manambala omwe alowamo ndi oyembekezera chabe. Kusiyana kwa maphukusi awiri apamwamba ndi K2.5 miliyoni, pomwe mtengo wa lero wa lole ndi K40.5 miliyoni. Ndalama za lole zikatsika ndi pang'ono kuposa 6 pa 100, phindu lake ligwa pansi pa 8 ndipo chigayo ndi makina opunthira mpunga apambana. Kutsika kotere kungabwere ndi kukwera kwa dizilo, kugwa kwa mtengo wa nandolo, kapena miyezi yomwe misewu siyendeka. Izi si zachilendo ku Phalombe, komwe madzi osefukira kuchokera ku Michesi anaononga kwambiri mu Malichi 1991, ndipo namondwe wa Freddy anaononganso misewu ndi milatho mu Malichi 2023.

Vuto lachiwiri ndi loti phukusi lopambana ladya bajeti yonse. Lole ndi makina ambiri zimachokera kunja kwa dziko, ndipo mitengo yake imatsata mphamvu ya kwacha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Mtengo wa lole utakwera ndi 10 pa 100 yokha kufika pa K33 miliyoni, phukusi la A ndi C lingafune K53 miliyoni ndipo silingakwanenso. Kopaletivu yomwe yagula kale makina oyenga mafuta ingathe kubwerera ku chigayo ndi makina a mpunga, koma yomwe yapereka kale gawo la ndalama za lole ikhoza kukakamira pakati. Pa chifukwa ichi akatswiri amachotseratu ndalama zoteteza mitengo ikasintha asanayambe kusankha. Komiti ikapatula K5 miliyoni, bajeti yeniyeni ndi 45 ndipo yankho libwerera ku A, B ndi D. Ikapeza mitengo yolembedwa yomwe ogulitsa avomereza kuti sisintha mpaka tsiku logula, ikhoza kugwiritsa ntchito 50 yonse.

## Mapulojekiti akachuluka

Pulojekiti iliyonse yowonjezera imachulukitsa maphukusi kawiri. Mapulojekiti 10 amapanga maphukusi 1,024 ndipo 20 amapanga 1,048,576. Pamenepo kulemba pamanja sikutheka, ndipo vutoli limalembedwa motere, pomwe `x` ndi 1 ngati pulojekiti yatengedwa ndi 0 ngati yasiyidwa:

```
max  10xA + 6xB + 10.5xC + 2xD + 7.5xE
     20xA + 15xB + 30xC + 10xD + 25xE <= 50
```

Mapulojekiti olimbirana amawonjezera mzere wa `xA + xB <= 1`. Pulojekiti D ikakhala yoti singachitike popanda B, mzere wake ndi `xD <= xB`.

Mu pulogalamu ya Excel, ndalama zoyambira zikhoza kulembedwa pa `B2:B6`, phindu la lero pa `C2:C6`, ndipo ma 0 ndi ma 1 pa `D2:D6`. Timabokosi tiwiri timawerengera ndalama zodyedwa ndi phindu lonse:

```
=SUMPRODUCT(B2:B6,D2:D6)
=SUMPRODUCT(C2:C6,D2:D6)
```

Mu `Solver`, kabokosi kachiwiri kamaikidwa pa `Set Objective` n'kusankha `Max`. Timabokosi ta `D2:D6` timaikidwa pa `By Changing Variable Cells` ndipo timapatsidwa lamulo la `bin`. Kabokosi koyamba kamapatsidwa lamulo loti kasapose 50, ndipo njira yosankha ndi `Simplex LP`. Pa `Options`, nambala ya `Integer Optimality (%)` iyenera kukhala 0, apo ayi pulogalamu ikhoza kuima pa yankho longoyandikira lopambana. Chinanso chosokoneza ndi chakuti lamulo la `NPV` la Excel limatenga nambala yoyamba ngati ya kumapeto kwa chaka choyamba, choncho ndalama zoyambira zimachotsedwa kunja kwake: `=NPV(0.25,12.5,12.5,12.5,13.7)-20`.

## Malire a njirayi

Mlingo wa phindu umagwira ntchito pamene chinthu choperewera ndi chimodzi, ndalama za chaka chimodzi. Bajeti ikakhala ndi malire chaka chino ndi chamawa chomwe, pulojekiti ikhoza kukhala yotchipa chaka chino koma yodula chamawa, ndipo nambala imodzi singayeze zonse ziwiri. Pamafunika mzere wa malire pa chaka chilichonse.

Njirayi imaganizanso kuti pulojekiti yosiyidwa yatayika. Ngati chigayo chingadikire chaka chamawa pomwe lole yotchipa ilipo chaka chino chokha, funso silikhalanso la zoyenera kutenga, koma la zoyenera kuyamba. Ndi bwinonso kufunsa ngati pulojekiti ili yosagawikadi: lole ikhoza kubwerekedwa, kugulidwa limodzi ndi kopaletivu ina, kapena kulowedwa m'malo ndi yaing'ono, ndipo njira iliyonse ndi mzere watsopano pa tebulo.

Pa ndalama za boma, monga za CDF, ntchito ngati mlatho kapena chipinda chophunzirira sizibweretsa ndalama m'thumba. Masamu a maphukusi amagwirabe ntchito ngati ubwino wa ntchito iliyonse wayezedwa pa muyeso umodzi, koma sanena kanthu za mudzi womwe upindule ndi womwe udikire.

## Mbiri

Vutoli linafotokozedwa momveka mu 1955 ndi James Lorie ndi Leonard Savage a ku yunivesite ya Chicago, omwe anasonyeza mmene kusagawika kwa mapulojekiti ndi malire a zaka zingapo zimasokonezera ndandanda. Mu 1957 George Dantzig analemba za vuto lofanana nalo la munthu wolongedza chikwama chomwe chili ndi malire a kulemera, ndipo anasonyeza kuti kundandalika potsata phindu pa kulemera kumathetsa vutoli ngati katundu ali wogawika. Mu 1963 H. Martin Weingartner analemba vuto la Lorie ndi Savage m'masamu a 0 ndi 1, omwe ndi omwe mapulogalamu a kompyuta amagwiritsa ntchito masiku ano.